Tsamba la lesitilanti: PDF, WordPress kapena Google Sites?

Kuno ku Mangochi mtengo wa chambo sukhazikika. Mwera ukawomba masiku angapo asodzi salowa pamadzi, ndipo mbale ya nsima ya chambo imakwera mtengo sabata yomweyo. Choncho posankha njira yopangira tsamba la pa intaneti la lesitilanti, funso ndi lakuti: ndani adzasintha mitengo, ndipo adzatha kusintha pafoni?

Ambiri amangojambula menyu n'kuika chithunzi kapena PDF. N'zachangu, koma mtengo umodzi ukasintha mumakonzanso zonse, ndipo kasitomala amatha bando potsitsa chinthu cha zilembo zosaoneka. Njirayi ndaikana.

WordPress, pulogalamu yopangira masamba a pa intaneti, imapereka ufulu wonse, ndipo ili ndi apu yosinthira zolemba pafoni. Koma malo osungira tsamba ndi dzina lake mumalipira chaka ndi chaka, kawirikawiri m'madola, ndiye mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Imafunanso munthu woisamalira. Mnyamata amene anakupangirani akasamukira ku Blantyre ndi mapasiwedi, menyu imaima pa mitengo ya chaka chatha. WordPress imayenera maloji a m'mbali mwa nyanja amene ali ndi wantchito wa zimenezi.

Kwa lesitilanti ya pa boma, ine ndingasankhe Google Sites, yomwe ndi yaulere. Vuto lake, kukonza tsambalo kumafuna kompyuta. Mumalizemba polemba menyu m'tebulo la Google Sheets, la mizati itatu: chakudya, mtengo, ndi "chilipo" kapena "chatha". Tebulolo mumalilowetsa m'tsamba kamodzi, n'kulola kuti aliyense aziliona koma asalisinthe. Mukaiwala chilolezochi, makasitomala amapemphedwa kulowa mu akaunti m'malo moona menyu, choncho yesani pafoni ya mnzanu. Zikatero, kampango akatha masana, wa pakauntala amangosintha pafoni. Kukongola kwa tsamba lotere n'kochepa, ndivomere.

Maola otsegulira aikeninso m'tebulo lomwelo, chifukwa kuno amasintha: ena amatseka Lachisanu masana popita ku mzikiti, ndipo pa Ramadhani malonda amasamukira madzulo. Musinthenso pa Google Business Profile, tsatanetsatane wa bizinesi yanu amene amaoneka munthu akaifufuza pa Google, poti ambiri amaona pamenepo asanafike patsamba lanu.

Pa za malo, mapu okha sakwanira wakabaza. Lembani monga timalondolerana: mukachoka pa mlatho wa Bakili Muluzi, mukhotere kwakuti, moyang'anana ndi chakuti.

Kuitanitsa chakudya pafoni n'chimodzimodzi pa WordPress ndi pa Google Sites. Nambala ilembedwe ngati mawu pamwamba pa tsamba, osati m'chithunzi, ndipo batani la WhatsApp lilozere ku:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

M'malo mwa ma X lembani nambala yanu, koma chotsani ziro woyamba ndipo musaike +. Ziroyo akatsala, WhatsApp imati nambalayo ndi yolakwika. Ikani nambala ya Airtel ndi ya TNM zonse, munenenso ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba komanso nthawi imene mumasiya kulandira maoda.