Basi ya 06:00 kapena ya 09:00 kuchoka ku Ntcheu

Tiyerekeze kuti chithunzi cha pafoni chikuonetsa mabasi awiri a ku Lilongwe, ofika 08:30 ndi 11:30, ndipo ndege yanu ikunyamuka ku Kamuzu International Airport 13:30. Basi ya 09:00 imakopa chifukwa maola awiri amaoneka okwanira, koma muchotsepo pafupifupi ola limodzi lochokera mumzinda kukafika ku Lumbadzi, kenako mukumbukire kuti katundu amasiya kulandiridwa ndege isananyamuke. Basi ikachedwa pa rodibuloko kapena pokweza anthu ku Dedza, ndege yakusiyani. Ya 06:00 ikudikiritsani maola anayi pabwalo la ndege, zomwe n'zotopetsa ndithu, komabe ine ndingasankhe imeneyi. Musanagule tikiti, onetsetsani tsiku limene chithunzicho chinajambulidwa, poti nthawi za mabasi zimasintha.