Miyezi 11 ndi inshulansi ya katundu wa pamsewu: anandilipira, koma osati zomwe ndinkawerengera

Ndinalonjeza kuti ndidzanenapo inshulansi ya katundu wanga ikandigwirira ntchito, ndiye nayi nkhani. Ine ndimaoda ma TV, ma sipika ndi ziwiya za kukhitchini ku Joni, katundu amabwera pa thiraki kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, shopu ili ku Limbe. Polise ndinatenga mu Ogasiti 2023, yoteteza katundu mpaka K12,000,000 pa ulendo umodzi. Nambala imeneyo ndi yomwe inakhala m'mutu mwanga, zina zija za timalemba ting'onoting'ono sindinawerenge, ndisaname.

Mu Januwale tenti inang'ambika chapakati pa Tete ndi Zobue, mvula ikuchita kukhuthuka. Tikutsitsa ku Limbe makatoni a pamwamba anali phala lenileni, ukanyamula pansi pake pamatsala m'manja, ma TV ena madzi akuoneka mkati mwa sikirini. Ndinajambula zithunzi katundu asanatsike, dalaivala anasaina pa pepala lolandirira katundu kuti wafika wonyowa, ndipo ndinaimbira a inshulansi tsiku lomwelo. Izi zokha ndi zomwe ndinachita bwino, asesa, munthu wotumidwa ndi a inshulansi kudzaona zowonongeka, atabwera ndi zimene anayamba kufunsa, pamodzi ndi ma invoisi ndi mapepala a dyuti a ku MRA.

Ine ndinalemba kleimu ya K5,400,000 potengera mtengo womwe ndikanagulitsira. Asesa anangomwetulira nkuti mayi, phindu sitilipira, timaona zomwe munagulira kuphatikiza dyuti ndi thiransipoti. Yatsika kufika K4,200,000. Kenako ma TV angapo ndi ma sipika amayakabe ngakhale anali ndi madontho, anati mukhoza kugulitsa motchipa, anawaika pa K400,000 nkuchotsa, katunduyo nkundisiyira. Tatsala pa K3,800,000. Mpaka apa sindinadandaule kwenikweni chifukwa anali kunena zoona, ndinagulitsadi.

Pomwe mutu unaima ndi pa limiti. Kani mkati mwa 12 miliyoni muja munali kamzere koti katundu wamagetsi salipira kupitirira K3,000,000 pa ulendo umodzi, ndipo zonse zomwe zinanyowa zinali zamagetsi, mapoto ndi mbale mvula ingazichite chani. Nthawi yomwe ndimasaina 3 miliyoni inali yokwanirako ndithu, koma kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 ma TV omwewo anayamba kudya makwacha ambiri pomwe limiti ili pomwe paja, ine osaganiza nkomwe zopita kukaikweza. K800,000 inathera pamenepo.

Ndiye kubwera ekisesi, ija ndalama yomwe umasenza wekha pa kleimu iliyonse. Yanga ndi 10%, koma osachepera K200,000. Apa mvetsetsani chifukwa ndi pomwe tinakangana sabata ziwiri. Ine ndimati chotsani ekisesi pa K3,800,000, ikhala K380,000, kutsala K3,420,000, ndiye poti yadutsabe limiti mundipatse K3,000,000 yonse. Iwo anati ayi, timayamba tadula pa limiti kenako ekisesi, 10% ya 3 miliyoni ndi K300,000, mulandira K2,700,000. Masamu onse awiri ndi olondola, nkhani ndi yoti chiyambe nchiti, ndipo ma polise amasiyana, ena ekisesi amaichotsa pa zomwe zawonongeka, ena pa ndalama yomwe yatsala limiti itadula kale. Anandionetsa chiganizo chake mu polise yanga, chinalembedwa momveka kuti ekisesi ichoka pa ndalama yoyenera kulipidwa. Mchimwene wanga amati tikadandaule kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, nkoona madandaulo a inshulansi amapita kumeneko, koma ndikanakanena chani poti ndinasaina ndekha?

K2,700,000 inalowa mu akaunti patatha sabata zisanu ndi imodzi, theka lenileni la zomwe ndinalemba poyamba.

Mu Meyi katoni imodzi ya ma bulenda inaphwanyika, pafupifupi K260,000. Apa 10% siigwira, imagwira ija ya osachepera K200,000, ndiye ndikanalandira K60,000 basi, kuchotsapo kuyendera ma fomu komanso kleimu yachiwiri kulembedwa pa dzina langa pomwe ndikufuna kukambirana za mtengo chaka chamawa. Ndinangoisiya. Tizinthu ting'onoting'ono tosweka m'njira inshulansi iyi sikuthandizani, musadzinamize.

Mwezi wamawa polise ikutha ndipo ndiipitiriza, 2.7 miliyoni ija ndi imene inandibwezeretsa ku Joni mu Malichi. Koma ndawauza kale kuti limiti ya zamagetsi ikwere kufika 7 miliyoni ngakhale ndizilipira zambiri, ndipo ndapempha andilembere chitsanzo pa pepala, katundu wa 8 miliyoni atanyowa ndilandira zingati, ndione ndi maso anga pomwe ekisesi ikuchokera ndisanasaine. Dalaivala uja naye ndinamugulira tenti yatsopano, timadulana pang'onopang'ono pa thiransipoti.