Wojambula wa pafupi ndi depoti ya Ntcheu: kujambula amatha, koma kalata yanga sanaiwerenge

Pa chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Nsipe anajambula bwino, zimenezo sinditsutsa. Anafika nthawi yabwino, ndipo mtengo ndi womwe uja amauza aliyense, theka kulipiriratu. Amene anandipsetsa mtima ndi mnyamata wawo wa pa kompyuta.

Atatumiza zithunzi zoti tisankhe, ndinawalembera pa WhatsApp motere:

"Achimwene, zikomo chifukwa cha ntchito. Pa chithunzi 14 ndi 22 muchotse makwinya a pa siketi, ndi dontho la mafuta lili pa bulauzi chakumanzere. Pa 22 pali ulusi ukulendewera pamkono, muufufute. Koma mtundu wa chitenje musasinthe, ndi chomwe tinasoketsa banja lonse. Mikanda ya m'khosi ndi ya agogo athu, ikhale momwemo ngakhale ina ndi yobenthuka. Khungu ndi chiuno musakhudze. Pomwe simukumvetsa mundiimbire musanayambe."

Chovuta kumva n'chiyani pamenepa? Dontho lija anachotsadi. Koma pofuna kuthetsa makwinya anasalaza nsalu yonse, mpaka maluwa a pachitenje anasungunuka ngati chachucha utoto. Anawalitsanso chithunzi chonse kuti nkhope iyere, ndiye chitenje chofiira moderako chija chinasanduka cha olenji. Mukayika pambali pa chithunzi cha gulu, mkazi wa chinkhoswe yekha ndi amene akuoneka kuti wavala nsalu ina. Chiuno anachichepetsa, ndipo ndinadziwira mizere ya njerwa pakhoma la kumbuyo, yomwe inapindika molunjika m'chiunomo.

Za mikanda ndiye zinandiwawa kwambiri. Yobenthuka ija anaiphimba pokopera mikanda ya pambali pake, moti mukakulitsa chithunzi mumaona mikanda itatu yomweyo ikubwerezabwereza. Mayi anangoyang'ana n'kunena kuti imeneyo si ya amayi awo.

Nditapita kukadandaula, mnyamatayo anandiyankha ali choyang'ana pa foni kuti makasitomala onse amakonda choncho. Onse ake ati? Ine ndinalemba zanga.

Komabe eni ake a situdiyo ndi munthu womva. Anawerenga kalata ija ndili pomwepo, anapepesa, n'kutsegula zithunzi zoyambirira zomwe anali atasunga. Anandikhazika pambali n'kumachotsa khwinya limodzilimodzi, makamaka akuluakulu odutsa pabondo, ang'onoang'ono n'kuwasiya kuti nsalu izioneka nsalu. Sanandilipiritse kachiwiri, ndipo anandionetsa pa kompyuta asanatsuke chachikulu cha mu felemu.

Ndidzapitakonso pa ukwati mu Okutobala, koma kalata ndidzapereka m'manja mwa bambowo, ndipo ndidzafunsiratu ngati zoyambirira azisunga mpaka nditavomereza. Mnyamata uja sanapepese mpaka lero.