Civil 3D pa ntchito yodula ndi kukwirira dothi: zomwe ndaona kuno ku Harare

Ndimagwira ntchito kwa kontirakitala wamng'ono wosalaza malo omangapo nyumba zosungiramo katundu. Gawo langa ndi kulandira mapointi, omwe ndi malo oyezedwa pa nthaka, kwa sefeya, kupanga chithunzi cha nthaka pa kompyuta, kenako kuuza abwana makyubiki mita a dothi lomwe tikumbe ndi lomwe tithire. Pulogalamu yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi Civil 3D ya Autodesk, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imawerengera molondola komanso mwachangu, koma imakhulupirira chilichonse chimene mwaipatsa. Ndiye amene akufuna kuigula adziwe kuti ntchito yaikulu ili pa kuyendera mapointi ndi maso anu nambala isanatuluke. Ndifotokoza ndi malo amodzi omwe tinasalaza chakumadzulo kwa mzinda, cha ku msewu wa ku Bulawayo, aatali mamita 60 ndi mulifupi mamita 40.

Poyamba penipeni, anzanga amene munaphunzira ntchitoyi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, samalani ndi makodineti. Kumudzi tinazolowera dongosolo la makodineti la UTM 36S, momwe nambala zimakula mukamapita kum'mawa ndi kumpoto. Harare nayo ili mu zoni 36 yomweyo, koma masefeya ambiri kuno amapereka ntchito mu dongosolo lina, la Lo31. M'dongosolo limeneli Y amakula mukamapita kumadzulo, X amakula mukamapita kumwera. Mzere wa m'fayilo ya sefeya umakhala ndi nambala ya pointi, Y, X, kutalika kwa nthaka ndi kodi yofotokoza pointiyo, chonchi:

```
101,8250.40,1969120.75,1482.40,NG
```

Mukaulowetsa momwemo ngati PENZD, momwe pulogalamu imawerenga Y ngati kum'mawa ndi X ngati kumpoto, malo onse amakhala atazungulira madigiri 180, kumpoto kuli kumwera. Mukasankha PNEZD, momwe nambala ya kumpoto imayambirira, ndiye mbali zimasinthana, cha kumanja n'kupita kumanzere. Choopsa chake n'choti makontuwa, mizere yolumikiza malo a kutalika kofanana, amatuluka okongola ndithu ndipo palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani. Mumadzaona pokhapokha mwaika pulani ya injiniya pamwamba n'kupeza kuti sizikukumana. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa Y ndi X ndi -1 mu Excel musanalowetse:

```
101,-8250.40,-1969120.75,1482.40,NG
```

Kenako mumapita pa `Insert`, `Points from File`, n'kusankha `PENZD (comma delimited)`. Chimene ndimakonda apa n'choti pansi pa zenera limenelo pulogalamu imakuonetsani mizere yoyamba ya fayilo itagawidwa kale, ndiye mumaoneratu ngati nambala ya kutalika kwa nthaka yalowa m'malo mwake. Harare ili cha pa mamita 1,490 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mukaona nambala ya pansi pa `Elevation` ili kutali ndi pamenepo, funsani sefeya ngati benchimaki yake, chizindikiro choyambirapo kuyeza kutalika, ndi yongodziikira. Kutero sikulakwa ayi, bola injiniya naye akhale kuti anatenga malevulo ake pa benchimaki yomweyo. Akasiyana ndi masentimita 10 okha, pa malo a masikweya mita 2,400 ndiye kuti makyubiki mita 240 abadwa kapena asowa.

Kupanga nthaka sikuvuta. Mu `Toolspace`, pa `Prospector`, mumadina `Surfaces` ndi batani la kumanja, `Create Surface`, mtundu wake `TIN surface`, ndipo pansi pa `Definition` mumaonjezera gulu la mapointi anu. Pulogalamu imalumikiza mapointi atatuatatu oyandikana n'kupanga timakona titatu tambirimbiri tokuta malo onse, ngati ukonde woyalidwa pansi. Pakati pa mapointi atatu aliwonse imatenga kuti nthaka ndi yosalala. Zabwino ndi zoipa zonse za pulogalamuyi zimachokera pamenepa.

Mu fayilo ya malo athu munali pointi imodzi yomwe kutalika kwake kunali 0.000, ya mtengo wa magetsi womwe sefeya anangofuna kusonyeza pomwe uli. Civil 3D inaitenga ngati nthaka, n'kukumba chidzenje chakuya mamita 1,481 pakati pa malo. Mapointi athu anali otalikirana mamita 10, ndipo timakona tisanu ndi kamodzi tokumana pa pointiyo tinkakuta masikweya mita 300. Chidzenje chosongoka chotero chimadya gawo limodzi mwa magawo atatu a 300 kuchulukitsa ndi 1,481, omwe ndi makyubiki mita pafupifupi 148,000. Cholakwika chachikulu chonchi sichibisala: makontuwa amathithikana n'kupanga chibanga chakuda, ndipo mukatsegula `Object Viewer` mumaona msonga wautali wolozera pansi. Mumachotsa pointiyo m'gulu, kapena pa `Surface Properties`, `Definition`, mumayatsa `Exclude elevations less than` n'kulemba 1400. Zomwe zimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zolakwika zazing'ono, monga pointi yojambulidwa pamwamba pa chivundikiro cha manihoo kapena pa khoma, yomwe imakweza nthaka ndi theka la mita basi. N'chifukwa chake ndimapanga gulu la mapointi a nthaka yeniyeni okhaokha, potengera makodi a sefeya, ena onse n'kuwasiya kunja.

Nkhani ya ngalande ndi yomwe ndikufuna kukhalapo pang'ono. Kumunsi kwa malowo kunkadutsa ngalande ya madzi a mvula, yaitali mamita 40, yotambalala mamita atatu kukamwa, yakuya mita imodzi, yosongoka pansi. Sefeya anaijambula bwino, m'mbali zonse ziwiri ndi pansi pomwe. Koma pulogalamu sidziwa kuti mapointi a pansiwo ndi mzere umodzi. Imalumikiza malinga ndi kuyandikana, ndiye m'malo ambiri inalumpha kuchokera pa gombe lina kufika pa linzake, ngalande n'kutsala tizidikha tapatalipatali. Mumazindikira poona makontuwa: m'malo moti apange mzere wosongoka wotsata ngalande, amapanga timabwalo tosiyanasiyana. Ngalande imeneyi payokha imafuna theka la 3 kuchulukitsa ndi 1 kuchulukitsa ndi 40, omwe ndi makyubiki mita 60 a dothi lothira, ndipo ambiri mwa amenewa sanawerengedwe. Ndinajambula mizere itatu ya `3D polyline` yodutsa pa mapointi a magombe ndi a pansi, n'kuiwonjezera pa `Breaklines`. Mzere wotero timakona sitiudutsa, timangoutsatira. Chimodzimodzi m'mphepete mwa msewu, m'munsi mwa chulu ndi pamwamba pa mulu wa dothi. Muikenso `Boundaries` ya mtundu wa `Outer`, chifukwa popanda malire pulogalamu imatambasula timakona titalititali m'mphepete, kukuta malo omwe palibe anayezapo.

Nthaka yachiwiri ndi ya injiniya, yomwe kwa ife inali yosalala pa levulo ya 1,481.00. Kuti mupeze kusiyana kwake mumapanga `TIN volume surface`, nthaka yakale n'kukhala `Base Surface`, yatsopano `Comparison Surface`. Mukazisinthanitsa, chodula chimaoneka ngati chothira. Zotsatira zimaonekera pa `Volumes Dashboard`, pansi pa `Analyze`.

Nambala imeneyo sindiipereka kwa abwana ndisanaiyese ndi pensulo. Malo athu ankatsetsereka mofanana kuchokera pa 1,482.40 kumtunda kufika pa 1,480.00 kumunsi, kutanthauza kutsika kwa masentimita anayi pa mita iliyonse. Kumtunda tinkadula mamita 1.4, ndipo kudulako kunkathera pa mamita 35. Theka la 1.4 kuchulukitsa ndi 35 ndi 40 ndi 980. Kumunsi tinkathira mita imodzi pa mamita 25 otsalawo, zomwe ndi 500, kuphatikiza 60 ya ngalande ndi 560. Pulogalamu inapereka 987 ndi 556 mkati mwa malire a malowo, osawerengera magombe otsetsereka a m'mbali, omwe ndimawawerengera padera. Zikayandikana chonchi mtima umakhala m'malo. Zikasiyana kwambiri ndimabwerera ku timakona, osati ku pensulo.

Munthu akaona 987 ndi 556 amaganiza kuti dothi litsala lambiri, makyubiki mita oposa 400, n'kuyamba kufunafuna kokataya. Apa m'pamene pulogalamu siikuthandizani pokhapokha mutaiuza. Dothi la pamwamba, lokhala ndi udzu ndi mizu, silithiridwa pansi pa nyumba. Ife tinkapala masentimita 15, omwe pa malo onse ndi makyubiki mita 360. Njira yake ndi kupanga nthaka ina, pa `Edits` n'kusankha `Paste Surface`, kenako `Raise/Lower Surface` ndi -0.15, n'kuwerengeranso kuchokera pamenepo. Chodula chinatsika kufika cha pa 785, chothira chinakwera kufika cha pa 720. Komanso dothi likatsindiridwa ndi rola limachepa, ndiye kuti mudzaze kyubiki mita imodzi mumafunika kukumba yoposa imodzi. Injiniya wathu anatipatsa 1.15, yomwe ndinalemba pa `Fill Factor`, ndipo 720 inasanduka 828. Malo omwe ankaoneka ngati atsala dothi lambiri anapezeka kuti akuperewera ndi makyubiki mita pafupifupi 40. A foromani atamva anangoti, "Ndiye bwenzi titataya dothi sabata ino n'kukagulanso sabata ya mawa." Nambala ya 1.15 musaitengere kwa ine. Dothi lofiira la katondo ndi dothi lakuda la m'madambo a Harare sizifanana, ndipo lakudalo kawirikawiri injiniya amalikana kumene chifukwa limafufuma nthawi ya mvula n'kung'ambika m'chilimwe. Likakanidwa, lonse lomwe mwakumba limapita kotaya, ngakhale `Net`, kusiyana kwa chodula ndi chothira, ikusonyeza kuti zalingana.

Za malole nazonso n'zapadera. Pulogalamu imawerengera dothi lili pansi, pomwe mwini tipa amalipiritsa dothi lomasuka. Titaika kufufuma kwa gawo limodzi mwa magawo anayi, 360 ya dothi la pamwamba inakhala 450, omwe ndi maulendo 45 a tipa ya makyubiki mita 10.

Nyenyezi yomwe ndachotsa ndi ya mtengo ndi kulemera. Laisensi ndi yolipira mobwerezabwereza m'madola, yomwe kwa kontirakitala wochita malo atatu kapena anayi pa chaka ndi katundu wolemera. Imayenda pa Windows pokha ndipo imafuna kompyuta yamphamvu. Wongofuna kuyeza mulu umodzi wa mchenga mwa apo ndi apo angathe kuyesa QGIS, yomwe ndi yaulere, ngakhale kukonza timakona kumeneko kumafuna kuleza mtima. Koma kwa amene injiniya amamusinthira levulo pafupipafupi, Civil 3D imabweza ndalama zake. Atatsitsa levulo yathu ndi masentimita awiri kuti dothi likwanire, ndinasintha nambala imodzi, ndipo popeza `Rebuild - Automatic` inali yoyatsa, zonse zinawerengedwanso nthawi yomweyo: masentimita awiri pa masikweya mita 2,400 ndi makyubiki mita 48, ndiye sitinagule dothi la kunja.