Anthu 60, bwalo lafumbi, zida palibe: masiteshoni kapena awiriawiri?

Loweruka lililonse m'mawa ndimaphunzitsa masewera olimbitsa thupi pabwalo la sukulu ina ku Chawama, mu Lusaka. Pamabwera anthu pafupifupi 60, amayi ndi abambo, ena a zaka 18, ena opitirira 50. Zida zanga ndi wezulo ndi wotchi ya pafoni basi, ndipo ndayesapo njira ziwiri zoyendetsera gululi.

Yoyamba ndi ya masiteshoni, yomwe akatswiri a masewera olimbitsa thupi, Morgan ndi Adamson, anaikonza pa yunivesite ya Leeds ku England mu 1953. Anthu 60 ndimawagawa m'magulu khumi a anthu asanu ndi mmodzi, gulu lililonse pamalo pake ndi sewero lake. Amagwira masekondi 40, wezulo nkulira, nkukhala ndi masekondi 20 osamukira patsogolo. Kuzungulira kamodzi ndi mphindi 10. Tikazungulira kawiri, nkupuma mphindi ziwiri pakati, zimakwana mphindi 22, ndipo aliyense amakhala atagwira ntchito yeniyeni mphindi 13 ndi masekondi 20.

Papepala nzokoma. Pabwalo, vuto limayamba wezulo isanalire nkomwe. Kuonetsa masewero khumi, lililonse theka la mphindi, kumadya mphindi zisanu, thupi lomwe mwangolitenthetsa likuzizira. Pofika pa siteshoni yachisanu ndi chiwiri ambiri aiwala, ayamba kuonera anzawo, omwenso aiwala. Ine ndili ndi maso awiri okha. Ndikawerama kukonza mawondo a mayi wina pa maskwati, sewero lonjuta nkudzukanso, kumbuyo kwanga anyamata asanu ndi mmodzi akuchita mapushapu chiuno chili lende, msana utapindikira pansi, ndipo palibe wowauza. Masiteshoni amathandiza kwambiri anthu akamagawana zida zochepa. Pomwe zida palibe, mukugawana chiyani?

Njira yachiwiri ndi ya awiriawiri. Mizere iwiri yoyang'anizana, 30 mbali ino 30 mbali inayo, aliyense atatambasula manja osakhudza woyandikana naye. Mzere umodzi ukugwira masekondi 30, winawo ukupuma uku ukuwerengera mnzake ndi kumuyang'anira. Wezulo ikalira, asinthana. Sewero ndi limodzi bwalo lonse, ndiye ndimalionetsa pomwepo pamene likuyamba, ndipo wolakwitsa amaonekera patali chifukwa wasiyana ndi anzake 29.

Masewero ndimaika asanu ndi limodzi, mosinthanitsa ziwalo kuti miyendo izipuma manja akamagwira. Timayamba ndi maskwati, kenako mapushapu (wosakwanitsa agwade), kenako kuponda phazi limodzi kumbuyo nkutsitsa bondo. Lachinayi ndi kukokana, lachisanu pulanki, kutsamira pa zigongono ndi zala za kumapazi chafufumimba thupi litawongoka, ndipo timatsiriza ndi kuthamanga pamalo pomwepo mawondo m'mwamba. Kuzungulira kamodzi ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Katatu, ndi mphindi imodzi yomwa madzi pakati, zimakwana 20.

Kukokanako ndiko kunandikopa. Popanda chitsulo cholendewerapo, minofu ya kumsana yokokera imatsala yosagwira ntchito, ndipo masewero ambiri opanda zida amangokankha. Awiri akagwirana pamikono pafupi ndi zikhatho, mmodzi kuima nji miyendo atatangadza, winayo kutsamira chagada thupi lili chilili nkumadzikokera kwa mnzake, vutoli latha. Koma muwaphatikize olingana thupi. Tsiku lina ndinalekerera mtsikana wochepa thupi kugwira bambo wamkulu, onse awiri anakagwera m'fumbi, bamboyo nkusupuka chigongono. Kulakwa kunali kwanga.

Awiriawiri ali ndi pofooka pake, ndisabise. Ntchito yeniyeni ya munthu mmodzi ndi mphindi 9 zokha, poyerekeza ndi 13 zija. Anyamata osewera mpira amadandaula kuti thukuta silinatuluke. Iwowo ndimawauza kuti popuma azidumphadumpha pang'onopang'ono uku akuwerenga, kapena skwati iliyonse azimalizira ndi kudumpha. Koma kwa ongoyamba, makamaka mu Okutobala dzuwa la Lusaka likamawotcha kale 8 koloko isanakwane, kupuma kofanana ndi ntchito ndiko koyenera. Mukafunsa munthu dzina la mnzake iye nkulephera kuyankha chifukwa cha wefuwefu, kapena mukaona mawondo akugwera mkati pa maskwati, mwamupyoza muyezo. Wochita chizungulire akhale pamthunzi, asapitirize.

Masiteshoni sindinawataye. Ndimawabweretsa gulu likadziwa kale masewero onse, ndikakhala ndi ondithandiza awiri kapena atatu, kapena ndikafuna kugwiritsa ntchito masitepe a pakhonde la kalasi, pomwe pamakwana anthu asanu ndi mmodzi okha. Koma Loweruka lomwe pabwera nkhope zachilendo khumi ndipo ndili ndekha, ndimajambula mizere iwiri m'fumbi ndi chidendene cha nsapato, aliyense apeze mnzake wolingana naye thupi.