Kukhala chenicheni kwa chipilala: miyala ya ku Ulaya ndi matabwa a ku Japan

Chikalata cha Venice cha 1964, chomwe chili ndi mfundo zosamalira zipilala ndi nyumba zakale, chinalembedwa ndi akatswiri ozolowera nyumba zamiyala, ndipo kwa iwo chipilala chimakhala chenicheni ngati miyala yake yoyamba ikadalipo. Chimalola kubwezera pamalo pake miyala imene inagwa, koma chilichonse chatsopano chiyenera kuzindikirika. N'chifukwa chake pa kachisi wakale wa Parthenon ku Athens mwala watsopano umaoneka woyera mbee pakati pa wakale wofiirira.

Mtengo suli choncho, pakuti umaola ndiponso umafumbwa. Pa kachisi wa Horyu-ji ku Japan, kuyambira 1934, amisiri ankaphwasula nyumba, kuika chizindikiro pa thabwa lililonse, kudula tsinde loola la mzati n'kulumikizapo mtengo watsopano, kenako n'kuimanganso. Wozolowera miyala angaone ngati kuononga, komatu mzati woola ukasiyidwa denga limagwa.

Chikalata china chimene chinalembedwa ku Nara m'dziko la Japan mu 1994 chinavomereza kuti chipilala chiziweruzidwa molingana ndi chikhalidwe cha eni ake, poyang'ananso kamangidwe, ntchito yake ndi luso la amisiri. Ena amaganiza kuti izi zikulola kutaya zakale, koma amisiri a ku Japan amabwezeramo thabwa lililonse limene likadali lolimba.