Brick yaitali kapena yodulidula?

Ukatsika pa njinga ndi kuyamba kuthamanga miyendo imakhala ngati ya munthu wina, chifukwa chiuno chakhala chopindika nthawi yaitali komanso magazi azolowera kupita ku minofu yopalasa. Pokonzekera triathlon, mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, brick ndi kupalasa kenako kuthamanga pompo, kuti miyendo izolowere kusinthako.

Yaitali: kupalasa mphindi 60 mpaka 90 mbali ya ku Domboshava, mphindi 5 zomaliza giya yopepuka, kenako kuthamanga mphindi 20 pompo.
Yodulidula: kupalasa mphindi 10, kuthamanga mphindi 5, kubwereza kanayi.

Yaitali imaphunzitsa kusunga mphamvu, ukapalasa mothamangira umadziwa pa kilomita yoyamba pomwe, masitepe amafupika msana n'kumawerama. Koma imatopetsa bwanji, mawa lake n'kupuma basi.
Yodulidula umasintha nsapato kanayi, ndiye manja amazolowera, kuimika njinga kaye kenako kuvula chipewa, osati mosemphanitsa chifukwa pa mpikisano amalanga. Vuto lake imafuna malo osiya katundu, pabwalo la ku Mount Pleasant pakhale mnzako woyang'anira, njinga yosiyidwa yokha mu Harare muno imamera miyendo.

Ongoyamba kumene ndi a mpikisano wa sprint, kupalasa 20 km ndi kuthamanga 5 km, tengani yodulidula. A Olympic, 40 km kenako 10 km, yaitali simungaithawe, kamodzi pa sabata kakwana.